Mabiliyoni a pa sivi anali m'manja mwa yani?

Kampani ikalengeza mu The Nation kapena The Daily Times kuti ikufuna mkulu woyendetsa ntchito zake zonse, makalata amabwera ochuluka, ndipo pafupifupi onse amakoma kuwerenga. Anthu ofunsira udindo wotere sadwala pa Chingerezi. Aliyense ali ndi digiri, ambiri ali ndi yachiwiri, ndipo onse akhala pa maudindo zaka zoposa khumi. Maphunziro akalephera kuwasiyanitsa, a komiti yosankha amathamangira ku manambala: uyu akuti anayang'anira mabiliyoni angati, anali ndi antchito angati, ntchito yake inafika m'maboma angati. Wa manambala aakulu amakwera pamwamba pa mulu, wa manambala aang'ono amatsikira pansi.

Apa ndi pamene makomiti ambiri amaphonya. Nambala yolembedwa pa sivi, kalata ija yofotokoza mbiri ya ntchito ya munthu, kawirikawiri imakhala yoona ndithu. Koma siyinena ngati munthuyo ndalamazo ankazilamulira kapena zinkangodutsa pa desiki pake, ngati anthuwo anali akedi kapena ankangokumana nawo ku misonkhano. Wowerenga ndalama pa kauntala ku banki amagwira mamiliyoni tsiku ndi tsiku, koma salamula ngakhale pa kwacha imodzi. Ntchito ya wosankha ndiyo kufufuza, pa nambala iliyonse, gawo limene mwini siviyo akanafunsidwa nalo zinthu zikanalakwika.

Kuti zimveke bwino, tiyeni tiyerekeze mpando umodzi ndi anthu awiri oufuna.

Kampani yathu yoyerekezayi imagula soya ndi mtedza kwa alimi, n'kumayenga mafuta ophikira pa fakitale yake ku Kanengo mu Lilongwe. Ili ndi madepoti ku Mchinji, Kasungu, Dowa ndi Mzimba. Pa chaka imagulitsa katundu wa K15 biliyoni. Mwa ndalamazi, K10 biliyoni imapita kogula mbewu, ndipo imatuluka m'miyezi inayi yokha pambuyo pa zokolola, yambiri ili ngongole ya ku banki. Malipiro, magetsi, mafuta a galimoto ndi kukonza makina zimadya K3 biliyoni. Antchito okhazikika alipo 200, ndipo nyengo yogula amaonjezerapo aganyu 350. Mkulu wofunidwayo adzakhala ndi akulu a nthambi asanu ndi mmodzi pansi pake, adzaloledwa kuvomereza yekha malipiro osapitirira K150 miliyoni, ndipo adzayankha ku bodi.

Ndayambira dala pa mpando, osati pa anthu. Komiti yomwe sinalembe manambala a mpando wake isanatsegule envelopu yoyamba ilibe muyeso, ndipo imangotengeka ndi sivi iliyonse yonyezimira. Komanso polemba manambalawa m'pamene pamaoneka pomwe pagona ntchito. Pa kampani iyi, vuto si kukula kwa K15 biliyoni ayi. Vuto ndi miyezi inayi ija. Mkulu akagula soya modula n'kudzapeza kuti mtengo wa mafuta watsika, kapena akachedwa kugula mavenda n'kumaliza mbewu, chaka chonse chapita, ndipo banki ikudikira ndalama zake. Munthu amene tikufuna ndi amene anayikapo ndalama yangongole pa malonda, n'kuyankha pa phindu kapena kuluza kwake.

Tsopano masivi awiri. Yoyamba ndi ya bambo wina amene ndi dayilekita wa mapulojekiti ku bungwe lina lothandizidwa ndi mayiko akunja. Alemba kuti akuyang'anira mapulojekiti a K24 biliyoni, anthu 600, m'maboma 12. Yachiwiri ndi ya mayi amene anali manijala woyendetsa ntchito pa kampani yogaya chakudya cha ziweto ku Blantyre mpaka kumayambiriro kwa 2020. Alemba kuti mu 2019 gawo lawo linagulitsa katundu wa K3.5 biliyoni, anali ndi antchito 130, fakitale imodzi ndi madepoti awiri. Kungoyang'ana, bambowa aposa mpando, mayiwa sakufikapo n'komwe.

Funso loyamba pa bajeti iliyonse ndi lakuti: ya nthawi yaitali bwanji? Mapulojekiti a mabungwe amawerengedwa pa moyo wonse wa mgwirizano, pomwe makampani amawerenga pa chaka. Tikafunsa n'kumva kuti K24 biliyoni ija ndi ya zaka zisanu, ndiye kuti pa chaka ndi K4.8 biliyoni. Nambala yagwa kale tisanakhudze china chilichonse.

Funso lachiwiri: mwa ndalamazo, ndi zingati zimene zinkagwiritsidwa ntchito ndi ofesi yawo? Mabungwe akuluakulu nthawi zambiri amalandira thandizo n'kuligawa kwa mabungwe ang'onoang'ono ogwira nawo ntchito m'maboma. Tinene kuti K3 biliyoni pa chaka imapita kwa amenewo. Bambowa amalandira malipoti awo, amaona ngati malisiti ali bwino, ndipo akhoza kuimitsa gawo lotsatira akaona zokayikitsa. Imeneyo ndi ntchito yeniyeni, yofuna maso akuthwa, sindikuichepsa. Koma kugula, kulemba anthu ndi kulipira kumachitidwa ndi ena. Yotsala m'manja mwawo ndi K1.8 biliyoni.

Funso lachitatu ndi limene ndimalikonda kwambiri, chifukwa silizembeka: ankasayinira mpaka ndalama zingati payekha, ndipo zikapitirira apo ankapita kwa yani? Malo aliwonse oyenda bwino ali ndi malire olembedwa a izi. Munthu amene analidi ndi bajeti amayankha nthawi yomweyo, chifukwa malirewo ankakumana nawo sabata iliyonse. Amene ankangokhala pafupi ndi bajeti amayamba kuzungulira, amvekere tinkagwirira limodzi, tinkagwirizana monga gulu. Palinso mbali ina: ndani anaikonza bajetiyo? Ya pulojekiti imakhala yomangidwa kale mu mgwirizano ndi opereka thandizo, ndipo kusamutsa ndalama zochuluka kuchoka pa mzere wina kupita pa wina kumafuna chilolezo chawo. Luso lofunika pamenepo ndi kugwiritsa ntchito ndalama molondola, pa nthawi yake, mabuku n'kutuluka oyera kwa maodita. Kupeza ndalamazo pa msika ndi luso lina. Kwa woyendetsa pulojekiti, ndalama zikatsala kumapeto kwa chaka ndiye kuti ntchito yachedwa. Kwa woyendetsa kampani, ndalama zotsalazo ndiye phindu. Munthu amene wakhala zaka khumi m'chizolowezi choyambacho akhoza kuphunzira chachiwiricho, koma komiti idziwe kuti adzakhala akuphunzirira pa ngongole yawo ya K10 biliyoni.

Masivi ochokera m'boma amafuna kufunsa kofananako. Dayilekita wa ku unduna akhoza kulemba ndalama zonse zimene Nyumba ya Malamulo inavomereza ku nthambi yake. Komatu pa lamulo loyendetsera chuma cha boma, woyankha pa ndalama za unduna ndi mlembi wamkulu wa undunawo. Gawo lina la ndalamazo ndi malipiro a antchito, omwe dayilekita sawasintha, ndipo kugula katundu kumadzera ku komiti yoona zogula. Mukachotsa zonsezi, chotsala chimene iye ankagamulapo chimakhala chochepa kwambiri kuposa cholembedwacho, ngakhale kuti sananame.

Tibwerere kwa mayi aja ndi K3.5 biliyoni yawo. Pano chofunika n'chaka chimene alemba pambali pa nambalayo. Mu 2019 dola imodzi ya ku America inkagulidwa pafupifupi K735 ku banki. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 dola inali pafupifupi K1,750 pa mtengo wa ku banki. Ndiye kuti K3.5 biliyoni ya 2019 inali madola pafupifupi 4.8 miliyoni, omwe pa mtengo wa 2024 ndi K8.3 biliyoni. Ntchito ya mayiwa, yomwe inkaoneka ngati siikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a mpando wathu, yapitirira theka. Kusintha kwa dola si muyeso wangwiro, poti mitengo ya zinthu za m'dziko muno imakwera pa liwiro lakelake, koma n'kokwanira kuteteza komiti ku cholakwa chachikulu. Munthu wochenjera amathanso kufunsa kuchuluka kwa katundu m'malo mwa ndalama: matani angati a chimanga ankagula pa chaka, matumba angati ankatuluka pa tsiku. Tani ya 2019 ndi tani ya lero n'chimodzimodzi.

Kugwa kwa kwachaku kumapusitsanso mbali inayo. Munthu akalemba kuti anakweza malonda kuchoka pa K2 biliyoni mu 2019 kufika pa K3.5 biliyoni mu 2024, zimaoneka ngati wachita zazikulu. Mukaika mu madola, wachoka pa 2.7 miliyoni kutsikira pa 2 miliyoni. Bizinesiyo yachepa.

Chachikulu pa mayiwa n'chakuti nambala yawo ndi ya mtundu womwewo ndi ya mpando. Ankagula chimanga ndi soya nyengo yokolola, ankaika mtengo wa thumba la chakudya cha nkhuku, ndipo mwezi uliwonse mwini kampani ankawafunsa za phindu. Ngati izi zitatsimikizika, K8.3 biliyoni yotere imalemera kuposa K24 biliyoni ija pa mpando uwu. Ndikuti pa mpando uwu, chifukwa chikanakhala kuti tikufuna mkulu wa bungwe lothandiza anthu, sikelo ikanapendekera kwa bambo aja.

Nanga kulumpha kuchoka pa 8 kufika pa 15 n'kotheka? Kwa ine, kuwirikiza kawiri kapena katatu pa ntchito ya mtundu womwewo ndi kukwera kwabwinobwino, ndipo ndi chifukwa chake munthu amafunsira ntchito yatsopano. Kuwirikiza kakhumi ndi nkhani ina, chifukwa pamenepo ntchito imasinthiratu. Amene ankaona invoisi iliyonse ndi maso ake ayenera kuyamba kudalira malipoti ndi anthu ena, ndipo si onse amene amakwanitsa kusiya. Chenjezo lilinso kwa wochokera pamalo aakulu kwambiri. Munthu wozolowera kukhala ndi nthambi ya zamalamulo, ya makompyuta ndi ya zogula zomudikira akhoza kusowa pogwira pa kampani yomwe mkulu amayenera kupita yekha ku banki kukapempha kuti tsiku lobweza ngongole lisunthidwe.

Ku nkhani ya antchito, nambala imodzi iyenera kuswedwa patatu. Pali anthu oyankha mwachindunji kwa munthuyo, amene iye amawapatsa ntchito, kuwayeza pa chaka ndi kuwadzudzula. Pali onse olembedwa ntchito amene ali pansi pa mzere wake. Ndiye pali ena onse: aganyu, odzipereka, antchito a makontilakita ndi a mabungwe ogwirizana nawo. Pa anthu 600 a bambo aja, tikapeza kuti 45 ndi olembedwa ndi bungwe lawo, 155 ndi a mabungwe ena aja, ndipo 400 ndi odzipereka a m'midzi, chithunzi chasintha. Oyankha kwa iwo mwachindunji ndi anayi. Mayi aja, 130 onse anali pa buku la malipiro a kampani, ndipo asanu ankayankha kwa iwo.

Komabe kuwerenga mitu kokha sikukwanira. Chofunika n'kudziwa kuti oyankha mwachindunjiwo anali a msinkhu wanji. Kutsogolera makapitawo asanu a m'fakitale n'kosiyana ndi kutsogolera mkulu wa zachuma, mkulu wa zamalonda ndi injiniya wamkulu, anthu odziwa ntchito yawo kuposa iwe, amene ena mwa iwo ankaufunanso mpando wakowo. Apa bambo aja ali ndi mphamvu: anayi awo ndi mamanijala a madigiri, aliyense ali ndi gulu lake. Mwa asanu a mayi aja, awiri okha ndiwo anali mamanijala, atatu anali makapitawo. Mpando wathu uli ndi akulu a nthambi asanu ndi mmodzi, choncho komiti iyenera kuwafunsa mayiwa bwinobwino za mbali imeneyi.

Njira yachidule yodziwira ngati anthu anali a munthuyo ndi kufunsa zowawa. Munachotsapo munthu ntchito, ndipo zinatha bwanji ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti la zamaubale a pantchito? Munakhalapo pa tebulo ndi bungwe la antchito pokambirana za malipiro? Munthu atavulala pa makina, foni inalira kwa yani? Paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene sanalandirepo nkhonya zotere, ngakhale atalemba anthu chikwi, mutuwo sunali wake.

Chachitatu ndi kukula kwa udindo, ndipo apa dzina la mpando ndi losadalirika kuposa zonse. Pa kampani ya pabanja ya anthu makumi awiri, mwana wa mwini wake amatchedwa dayilekita. Ku minda ya nzimbe ya Nchalo kapena Dwangwa, wongotchedwa manijala akhoza kukhala ndi anthu mazana angapo ndi makina a ndalama zochuluka. Choncho dzina liikeni pambali, mufunse kuti pakati pa munthuyo ndi mkulu wa zonse panali masitepe angati, ndiponso kuti ndi nthambi ziti zinali pansi pake. Maboma 12 a bambo aja akusonyeza kuti amadziwa kuyendetsa ntchito imene sakuiona ndi maso, amadziwa kukambirana ndi mabwanamkubwa, makhonsolo ndi mafumu, ndipo izi n'zothandiza pa kampani ya madepoti omwazikana kuyambira ku Mchinji mpaka ku Mzimba. Koma sanagulitsepo kanthu, sanayendetsepo fakitale. Mayi aja anali ndi kugula, kupanga ndi kugulitsa, koma nthambi ya zachuma inkayankha kwa mwini kampani, ngongole ya ku banki ankakambirana ndi mwiniyo, ndipo bodi sanaimepo pamaso pake. Palinso zaka zimene zadutsa chichokereni pa ntchitoyo. Sivi ikunena kuti akhala akulangiza magulu a alimi, ndipo mlangizi sasayina cheke. Nthawi imeneyi misika yasintha, kupeza ndalama zakunja zogulira zipangizo za makina kwavuta, chiwongoladzanja cha ku banki chakwera. Komiti iyenera kumva ngati akuzidziwa izi mozama.

Zonsezi zikhoza kutsimikizidwa mosavuta kuposa mmene ambiri amaganizira. Makampani a pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, monga Illovo, Press Corporation, National Bank ndi TNM, amasindikiza malipoti a pachaka omwe aliyense angawerenge. Munthu akati nthambi yake yokha inali ndi bajeti yofanana ndi ndalama zonse zimene kampaniyo inagwiritsa ntchito chaka chimenecho, mwadziwa kuti walemba nambala ya nyumba yonse. Mabungwe omwe si aboma amayenera kupereka malipoti a maodita ku bungwe lowayang'anira la NGORA, ndipo ena amawaonetsanso poyera. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limapatsa wantchito ufulu wopempha chikalata pochoka, chonena nthawi imene wagwira ndi udindo umene anali nawo. Ofunsira mpando angathenso kupemphedwa kuti ajambule pa pepala limodzi mndandanda wa maudindo a komwe anali, dzina lawo lili pamalo pake, mizere ikuonetsa amene anali pamwamba ndi pansi pawo. Pepala limeneli limaulula zambiri kuposa masamba anayi a sivi.

Kenako pali anthu owachitira umboni. Kufunsa kuti kodi anali wantchito wabwino n'kutaya nthawi, chifukwa palibe amene amapereka dzina la mdani wake. Funsani manambala omwewo popanda kuwatchula: ankasayinira mpaka zingati, oyankha kwa iye anali angati, bajeti ankaipereka ndani kwa akuluakulu. Mayankho akagwirizana ndi sivi, mtima ukhale pansi. Koma musaimbire foni bwana wa komwe munthu akugwira panopa iye asanalole, mungamuphere ntchito imene ali nayo musanamupatse ina. Ndipo wina akakana kutchula nambala yeniyeni chifukwa ndi chinsinsi cha kampani, musamuyese wozemba. Mufunseni anene kuti ili pakati pa zingati ndi zingati. Munthu wosunga chinsinsi cha abwana ake akale adzasunganso chanu.

Muyeso ukhale umodzi kwa onse, ndipo ulembedwe. Ndi chilungamo kwa ofunsira ntchito, makamaka amene amalemba modzichepetsa n'kumatchula zokhazo zimene zinalidi zawo, poti amenewa ndiwo amagwa msanga komiti ikamatsata nambala yaikulu. Ndi chitetezonso kwa komitiyo. M'mabungwe a boma, ofesi ya Ombudsman yakhala ikufufuza madandaulo a kalembedwe ka ntchito, ndipo yalamulapo kuti ena achotsedwe pamene zofunika zimene zinalengezedwa sizinatsatidwe. Ngati chilengezo chinati munthu akhale atayendetsapo bajeti ya ndalama zakutizakuti, fayilo ionetse mmene aliyense anayezedwera pa mfundo imeneyo.

Ndikanakhala m'komiti ya kampani ya ku Kanengo ija, ndikanawaitana onse awiri ku intavyu, mayi aja ali patsogolo. Pa pepala langa, pansi pa dzina lawo, ndikanalemba kuti: malonda a pafupifupi K8.3 biliyoni pa mtengo wa 2024 poyerekeza ndi K15 biliyoni, a mtundu womwewo. Antchito 130 poyerekeza ndi 200. Zachuma, banki ndi bodi sanazigwirepo. Ndikanawapempha afotokoze nyengo imodzi yogula mbewu kuyambira tsiku limene anaika mtengo mpaka tsiku limene ngongole inabwezedwa, kenako ndikanawapatsa mabuku a kampani a chaka chatha kuti awawerenge theka la ola, atiuze pamene akuona kuti ndalama zikuthina. Pansi pa dzina la bambo aja ndikanalemba kuti: K1.8 biliyoni pa chaka yolamulira okha, K3 biliyoni yoyang'anira kudzera mwa ena. Antchito 45, mamanijala anayi. Maboma ambiri, maodita ndi malipoti ali bwino. Msika ndi fakitale palibe. Iwowa ndikanawafunsa chimene angachite mu Juni, mavenda atakweza mtengo wa soya ndi 20 peresenti, theka la ngongole litagwiritsidwa kale ntchito, nkhokwe zisanafike ndi pakati pomwe.

Ngati bodi itasankha mayi aja, iyambe yaona kuti mkulu wa zachuma amene alipo ndi wolimba, ndipo wapampando wa bodi akhale nawo pa zokambirana zoyamba ndi banki. Ikasankha bambo aja, mkulu wa fakitale ndi woona zogula mbewu akhale anthu okhazikika amene sakuganiza zochoka, ndipo malire a K150 miliyoni aja ayambe atsitsidwa mpaka nyengo yoyamba yogula itatha.